Kujambula mutu wa kasitomala asanalukidwe ndi atalukidwa

*"Ndili ndi kasaluni kanga kuno ku Mangochi, chakufupi ndi msika. Kuluka ndimatha ndithu, koma ndikajambula ndi foni tsitsi limangooneka bii, mizere osaoneka, ndipo chithunzi choyamba ndi chomaliza zimakhala ngati ndi anthu awiri. Komanso mwezi watha kasitomala wina anandikalipira atadziona pa Status yanga. Kodi ndigule foni ina? Nanga chilolezo ndizipempha bwanji?"*

Achemwali, ndalama ya foniyo gulirani kaye meshi. Ine ndajambula maukwati, zinkhoswe ndi mitu ya anthu m'masaluni a m'tauni muno kwa zaka zingapo, ndipo pa zithunzi zoipa zimene anthu amandionetsa, n'zochepa kwambiri zomwe vuto lake limakhala foni. Munthu woyang'ana zithunzi ziwirizo amafuna aone kuti chasintha ndi tsitsi basi. Tsono inu mukajambula choyamba 8 koloko m'mawa m'kati mwa saluni muli chiimire, chomaliza n'kukajambulira pabwalo 3 koloko masana mutam'yandikira kasitomala, ndiye kuti mwasintha kuwala, mtunda, khoma lakumbuyo ndi msinkhu wa foni nthawi imodzi. Ntchito ya manja anu imangomira m'menemo.

Ndisanapite patali, pukutani galasi la kamera. Mwina museka, koma m'saluni vuto limeneli ndi la tsiku ndi tsiku. Zala zanu zimakhala m'mafuta a tsitsi kuyambira m'mawa, ndipo foni mumaigwira ndi zala zomwezo. Kamafuta kochepa pagalasi kamachititsa chithunzi kuoneka ngati muli nkhungu, ndipo pozungulira zenera kapena babu pamatuluka mikwingwirima yoyera. Mukaona zimenezo dziwani kuti ndi mafuta. Khalani ndi kansalu kofewa, kouma, kongopukutira foni basi, osati thawulo lomwe mwapukutira m'khosi mwa kasitomala.

Tsopano malo. Sankhani malo amodzi ndipo musamawasinthe. Malo abwino ndi pakhonde kapena pakhomo penipeni, pamene pali mthunzi koma kuthambo kukuoneka. Dzuwa la kuno mukulidziwa, makamaka la Okutobala ndi Novembala: likamenya pamutu wolukidwa kumene, khungu la m'mizere limanyezimira n'kuyera mbee, pamene mbali ina ya mutu ili mumdima. Pansi pa mtengo wa mango siponso pabwino, chifukwa kuwala kodutsa m'masamba kumaika mawangamawanga pamutu. M'kati mwa saluni namo nthawi zambiri mumachepa kuwala, ndipo foni ikasowa kuwala imachedwa kutseka diso lake, dzanja likangogwedezeka pang'ono timizere tonse tafufutika.

Chovuta pa ntchito yanuyi ndi nthawi. Wopenta nyumba akhoza kubweranso mawa pa ola lomwelo kudzajambula, koma inu tsitsi laling'onolong'ono mumaliluka maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo pofika pomaliza dzuwa lachoka kum'mawa lapendekera kumadzulo. Choncho tsiku limodzi dzipatseni ntchito yoyang'ana khonde lanu katatu: cha m'ma 8, masana dzuwa lili paliwombo, ndi cha m'ma 4. Pezani kangodya kamene dzuwa silifikapo nthawi zonse zitatuzo. Mudzayang'anenso nyengo ikasintha, chifukwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limadzera chakumpoto, ndipo khonde loyang'ana kumpoto lomwe linali ndi mthunzi mu Disembala likhoza kumalowa dzuwa tsiku lonse.

Mukapeza malowo, ikani mpando ndipo mulembe pansi ndi penti kapena tepi pamene miyendo yake yaima. Kuchokera pampandopo yezani mita imodzi ndi theka, mulembenso mzere wina. Pamenepo ndi pamene zala za kumapazi kwanu zizikhala nthawi zonse. Choko sichikhalitsa, mukangokolopa chapita.

Chifukwa cha mtunda umenewu n'chakuti kamera ya foni imaona motambasuka. Mukaiyandikitsa kwambiri kumutu, chomwe chili pafupi ndi galasi chimakula mopitirira: mphumi imatukumuka, makutu amathawira kumbuyo, mutu umaoneka ngati dzungu. Imani pamzere wanu n'kudina 2x ngati foni yanu ili nayo. Pa mafoni ambiri otsika mtengo 2x imeneyi imangodula chithunzi n'kuchikuza, komabe pa kuwala kwa pakhonde imakwanira bwinobwino. Musapitirire pamenepo, chifukwa mukakoka ndi zala mpaka 4x kapena 5x tsitsi limasanduka phala. Foni ikhale pa msinkhu wa makutu a kasitomala ali chikhalire, kutanthauza kuti inu muwerame kapena mukhale pampando wina. Mukajambula muli chiimire mumaonetsa liwombo lokha, ndipo khosi limasowa. Mu Settings ya kamera yatsani Grid kuti pasikirini pabwere mizere inayi yopingasana. Nsonga ya mutu izigunda mzere wapamwamba pa zithunzi zonse ziwiri, mukatero mutu udzakhala waukulu mofanana.

Nkhani ya tsitsi lakuda bii ija imachokera pa momwe foni imawerengera kuwala. Iyo imayang'ana chithunzi chonse n'kuyesa kuchiika pakatikati, chisawale kwambiri, chisadenso kwambiri. Kumbuyo kwa kasitomala kukakhala khoma la laimu loyera, kapena chitseko chotsekula chomwe kunja kwake kuli dzuwa, foni imaganiza kuti kuwala kwachuluka ndipo imadetsa zonse. Khoma limaoneka bwino, mutu n'kusanduka chinthu chakuda chopanda mizere. Mankhwala ake ndi awiri. Oyamba, kuwala kuzichokera kumbuyo kwa inu wojambula, kukagwera pa mbali ya mutu imene mukujambulayo. Achiwiri, kumbuyo kwa mpando pachikani nsalu yopanda maluwa, ya mtundu wa phulusa kapena wa khaki, mamita awiri akwanira. Chitenje cha maluwa n'chokongola pathupi, koma kumbuyo kwa mutu chimalimbana ndi malukidwe anu, maso a munthu osadziwa poti ayang'ane. Mpando utalikirane ndi nsaluyo phazi limodzi lalikulu kuti chithunzithunzi cha mutu chisagwerepo.

Kenaka muiuze foni poti iyang'ane. Apa ambiri amalakwitsa podina pakati pa tsitsi lakuda. Foni imaona mdima, imatsekula kuwala kwambiri, tsitsi limatuwa ngati la gogo ndipo khungu la m'khosi limayera. Dinani pamalire, pamene tsitsi lakumana ndi khungu, monga pamzere waukulu kapena kuseri kwa khutu. Mukagwira chala pamenepo kwa kamphindi, mafoni ambiri amakhoma: pa iPhone pamalembedwa AE/AF LOCK, pa ena pamabwera kachizindikiro ka loko. Pambali pake pamaoneka kadzuwa kakang'ono. Kakwezeni pang'onopang'ono mpaka muyambe kuona chingwe chilichonse cha tsitsi pachokha, ndipo musiyire pomwepo khungu lisanayambe kuyera.

Kukhomaku sikudikira maola asanu ndi limodzi, mukatseka kamera kwatha. Ndiye pofika pa chithunzi chomaliza, tsekulani kaye choyamba chija muchiyang'anitsitse, makamaka nsalu yakumbuyo. Nsalu sinalukidwe, sinasinthe. Ngati pa chithunzi chatsopano ikuoneka yowala kapena yofiirira kuposa m'mawa, vuto ndi kuwala, konzani kadzuwa kaja mpaka zifanane. Nsalu imeneyo ndiye sikelo yanu.

Zimitsani fulashi, chifukwa imamenya mafuta a m'mutu n'kubweza kuwala ngati lata. Zimitsaninso Beauty, imene mafoni ambiri a Tecno, itel ndi Samsung ali nayo. Ntchito yake ndi kusalaza khungu, ndipo posalazapo imafufutanso timatsitsi ta pamphumi ndi ukhondo wa mizere, zomwe ndi zimene inu mukugulitsa. Portrait nayo isiyeni, imasokonezeka ndi nsonga za tsitsi n'kuzidya m'mbali. Ndipo jambulani musanapopere mafuta onyezimiritsa aja omalizira. Ndikudziwa kuti m'maso mutu umakongola ukapoperedwa, koma m'kamera umangothwanima.

Ndikupatseni chitsanzo cha tsiku lina lomwe ndinathandiza mlongo wanga, yemwenso ali ndi saluni. Kunabwera mayi wina wochokera cha ku Namwera, tsitsi lake litangomasulidwa kumene, lothothoka pang'ono m'mbali mwa mphumi. Titagwirizana za zithunzi, tinam'khazika pampando wa pakhonde cha m'ma 8. Tinajambula zitatu: nkhongo, mbali ya kumanja, ndi chapamwamba iye atawerama pang'ono kuti liwombo lioneke. Pa chilichonse amatembenuka ndi iyeyo pamodzi ndi mpando, ine osasuntha pamzere wanga, kuti mbali yojambulidwayo iziyang'ana kuwala. Mukamazungulira ndinu, chithunzi chimodzi mudzapezeka mwayang'ana kudzuwa. Pamapewa pake tinafunditsa nsalu ya saluni yakuda, yomweyonso inadzagwira ntchito madzulo, kuti zovala zisasiyanitse zithunzi komanso kuti asadziwike ndi bulauzi. Kuluka kunatha cha m'ma 3. Tinabwereza zitatu zomwezo, mwa ndondomeko yomweyo. Cha nkhongo chinatuluka chodera pang'ono chifukwa kunja kunachita mitambo, ndipo ndinadziwira pa nsalu yakumbuyo ija. Ndinakweza kadzuwa, n'kujambulanso. Ntchito yonse, m'mawa ndi madzulo, sinapitirire mphindi zisanu.

Mukamaliza usiku, monga zimakhalira Idi kapena Khirisimasi ikayandikira, musakakamize. Babu la m'denga limaika mdima pansi pa mutu ndipo limasintha mtundu wa khungu, tochi ya foni ina ndiye imaipitsiratu. Ngati kasitomala amakhala pafupi m'pempheni adzadutse mawa m'mawa. Ngati ndi wakutali, mutu umenewo ulekeni upite, mawa kubwera wina.

Pali chinyengo china chimene ndimachiona kawirikawiri ndipo sindigwirizana nacho: kujambula choyamba mumdima, munthu atakwinya nkhope, tsitsi atalisokoneza dala, chomaliza n'kujambula powala atadzola ndi zodzoladzola. Anthu si ana, amaona. Ndipo mwini mutuwo akadziona mwam'nyazitsa chotero kuti inu mutchuke, sabweranso.

Apa ndafika pa chilolezo, ndipo ndiyambe ndi kulakwa kwanga. Chaka china ndinajambula mkwatibwi m'saluni ina, iye atavomera ndi mtima wonse. Chithunzi chinali chabwino, mwini saluni anachiika pa Status. Tonse sitinaone kuti m'kalilole wakumbuyo munkaoneka mayi wina atavula mpango, tsitsi lili pamtunda, akudikira nthawi yake. Mayiyo ndi Msilamu, ndipo tsitsi lake salionetsa kwa amuna achilendo. Anamuona ndi achibale a amuna ake. Tinachotsa chithunzicho tsiku lomwelo, tinakapepesa, koma oona anali ataona kale. Kuno ku Mangochi, kumene makasitomala anu ambiri amavala hijabu, musaiwale kuti mayi kuvula mpango m'saluni mwanu ndiye kuti wakukhulupirirani inuyo, osati anthu onse omwe ali ndi nambala yanu. Ichi n'chifukwa china chomwe ndimakondera nsalu yakumbuyo: imatseka kalilole ndi benchi la odikira. Koma kwa mayi wotere khonde la kumsewu si malo omuvulitsira mpango, ndiye ngati wavomera chithunzi, m'jambulireni m'kati pafupi ndi zenera lalikulu, zithunzi zonse ziwiri pamalo omwewo.

Mawu akuti "ndikujambuleni?" ndi osakwanira, ndipo ndikuganiza kuti kasitomala wanu uja anakwiyira pamenepa. Munthu akhoza kuvomera kujambulidwa akuganiza kuti mukufuna mumuonetse nkhongo yake, kapena kuti musunge podzakumbukira sitayilo. Kujambula ndi nkhani ina, kuonetsa makasitomala ena pafoni muli m'saluni ndi nkhani ina, kuika pa Status kapena pa Facebook ndi inanso. Chilichonse chimafuna "eya" wakewake. Funsani musanagwire chipeso, munthu asanakhale m'manja mwanu, chifukwa amene mutu wake walukidwa theka amavomera chilichonse poopa kukukhumudwitsani. Mlongo wanga amanena motere: "Amayi, ndimajambula ntchito yanga kuti ena aziona. Ndingajambule mutu wanu tisanayambe ndiponso tikamaliza? Nkhope sindionetsa. Ndikufuna ndidzaike pa Status ya WhatsApp ndi pa tsamba la saluni la Facebook. Mukakana palibe vuto, ndikulukani chimodzimodzi." Mawu omalizawo ndi ofunika kuwatchula mokweza. Akayankha kuti "kaya", kapena akangoseka n'kuyang'ana kumbali, kumeneko n'kukana kwaulemu, musafunsenso kachiwiri.

Mukamaliza kuluka, m'patseni foni aone yekha zithunzi zomwe mukufuna kuika, choyamba chija makamaka, chifukwa ndi chimene chimachititsa manyazi. Ambiri amavomera chomaliza n'kukana choyamba. Zikatero ikani chomaliza chokha. Muyang'anenso limodzi zomwe zingam'dziwitse ngakhale nkhope isakuoneka: ndolo zachilendo, chipsera cha m'khosi, chipini pamphuno ngati mwajambula cham'mbali, yunifolomu ya kuntchito. Tauni yathu ndi yaing'ono, munthu amadziwika ndi nkhongo. Ndipo ngati m'mutu muli zipere, zilonda kapena dazi lobwera ndi matenda, ine ndimati musaike n'komwe pagulu, chifukwa pamenepo mwaulula za umoyo wa munthu, osati za tsitsi.

Chilolezocho chikhale ndi umboni. Sikuti mufunika fomu ya kwa loya. Kope la saluni likwanira: tsiku, dzina, komwe chithunzi chikaikidwe, nkhope ioneke kapena ayi, iye n'kusainira. Wosatha kulemba, kapena womasuka kwambiri m'Chiyao, anene mawu ake pa uthenga wa mawu wa WhatsApp n'kukutumizirani, m'chilankhulo chomwe wamva bwino. Izi si za ulemu wokha. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wosungiridwa chinsinsi, ndipo kuyambira 2024 tili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, lomwe amaliyang'anira ndi a MACRA. Chithunzi chomwe munthu angadziwike nacho ndi uthenga wokhudza iyeyo. Mwana wosakwana zaka 18 sangakupatseni chilolezo yekha, ngakhale atabwera yekha ndi ndalama m'manja. Avomere ndi kholo kapena womulera, mwanayonso afune, ndipo nkhope ya mwana ine sindiika ngakhale kholo litavomera.

Makasitomala muwauzenso zoona pa za kuchotsa chithunzi. Akasintha maganizo mawa, chotsani osafunsa chifukwa. Koma adziwiretu kuti ngakhale Status imazimirira pakatha maola 24, aliyense akhoza kuijambula pasikirini n'kuisunga kapena kuitumiza kwina, ndipo chimenecho inu simungachibweze. Kwa kasitomala anakukalipirani uja, ngati simunatero kale, pitani mukapepese pamaso, mum'onetse kuti mwafufuta m'foni, ndi mu Trash kapena Recently deleted momwe, chifukwa mafoni ambiri amasunga zofufutidwa m'menemo kwa masiku pafupifupi 30.

Kulumikiza zithunzi ziwirizo n'kosavuta. Mu Google Photos ndi mu Gallery ya mafoni ambiri muli Collage. Choyamba chikhale kumanzere, chomaliza kumanja, makutu akhale pa mzere umodzi. Mukawonjezera kuwala pa chimodzi, wonjezerani mofanana pa chinacho, ndipo zosintha mitundu zija zisiyeni. Dzina la saluni lembani laling'ono pakona, lisaphimbe mizere. WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye bandulo, n'chifukwa chake chithunzi chooneka bwino m'foni mwanu chimafika kwa mnzanu chitafufutika. Potumizira munthu dinani HD, kapena tumizani ngati Document kuti chifike momwe chilili.

Mu Settings ya kamera zimitsaninso Location, makamaka ngati mumakalukira anthu kunyumba kwawo, chifukwa chithunzi chotumizidwa ngati Document chimanyamula ndi malo omwe chinajambulidwira. Zithunzi zovomerezedwa zisungeni mu chikwatu chakechake, zokanidwa fufutani kasitomala akuona. Foni ya saluni imadutsa m'manja ambiri, ana amaseweretsa madzulo, atsikana ophunzira ntchito amabwereka, tsiku lina idzapita kwa okonza mafoni kumsika sikirini itasweka. Iikeni loko, ndipo musanaisiye kwa wokonza, samutsani kapena fufutani mitu ya amayi a mipango aja.